Madisiki akakula, pariti imodzi siikwaniranso

Amene akugula seva yosungira mafayilo ya madisiki anayi, disiki iliyonse ya 16 TB, amafika pa tsamba limene makina amamufunsa kuti asankhe RAID 5 kapena RAID 6, njira ziwiri zophatikizira madisiki kukhala gulu limodzi loti lisataye zinthu disiki ikafa. Akasankha RAID 5 amapeza malo a 48 TB. Akasankha RAID 6 amapeza 32 TB basi. Ndalama zatuluka zofanana, koma kwina kwasowa 16 TB yathunthu, ndipo a ku akaunti akaona zimenezi safunsanso kawiri, amangoti tengani ya 48. Ine ndikuti pa madisiki aakulu chonchi, kusankha RAID 5 n'kulakwitsa. Sindikunena kuti madisiki a masiku ano amafa msanga kuposa akale, ayi. Vuto lili pa zimene zimachitika disiki imodzi ikafa, pa masiku amene seva ikudzikonza ilibe chitetezo chilichonse.

Tiyambe ndi chimene pariti imachita, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepo. Tinene kuti madisiki atatu asunga manambala 3, 5 ndi 7 pa malo ofanana. Disiki yachinayi isunga kuphatikiza kwake, 15. Disiki ya 5 ija ikafa, makina awerenga 3, 7 ndi 15, n'kupeza kuti chosowacho ndi 5. Makina enieni sagwiritsa ntchito kuphatikiza kwa ku pulayimale, amagwiritsa ntchito XOR, ndipo RAID 5 imamwaza pariti pa madisiki onse m'malo moiunjika pa imodzi, koma nzeru yake ndi yomweyo. Tsono onani chimene chabisala m'chitsanzochi. Kuti 5 abwerere, pafunika kuti 3, 7 ndi 15 onse awerengeke bwinobwino. Mmodzi yekha mwa atatuwo akakanika, mwatsala ndi zosowa ziwiri ndi samu imodzi, ndipo samu imodzi siingapeze zosowa ziwiri.

RAID 6 imawonjezera samu yachiwiri yosiyana ndi yoyambayo. Tinene kuti nambala yoyamba tiichulukitsa ndi 1, yachiwiri ndi 2, yachitatu ndi 3, kenako tiphatikiza: 3, 10 ndi 21 zipereka 34. Tsopano 3 ndi 5 asowe onse awiri. Samu yoyamba ikutiuza kuti awiriwo akaphatikizana apereka 8. Yachiwiri ikutiuza kuti woyamba kuphatikiza wachiwiri kawiri apereka 13. Kusiyana kwa 13 ndi 8 ndi 5, ndiye winayo ndi 3. Masamu enieni a pariti yachiwiri ndi ovutirapo kuposa apa, koma chimene mukugula ndi disiki yowonjezerayo ndi chimenechi, samu ina yoti ikuthandizeni pamene zinthu ziwiri zasowa nthawi imodzi.

RAID inatchuka ndi pepala la kafukufuku la David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a ku yunivesite ya California ku Berkeley mu 1988. Madisiki otchipa amene ankawaganizira nthawi imeneyo anali a 100 MB. Kwa zaka zambiri pariti imodzi inkakwanira ndithu, ndipo amene ankaigwiritsa ntchito sankalakwa. Disiki ya 500 GB yolemba pa liwiro la 60 MB pa sekondi inkadzaza pa maola awiri ndi mphindi pang'ono. Ukasintha disiki m'mawa, pofika nthawi ya nkhomaliro seva inali itabwerera mwakale.

Chasintha n'chakuti kukula kwa madisiki kwathamanga kusiya liwiro lake kutali. Kuchoka pa 500 GB kufika pa 16 TB n'kukula ka 32. Liwiro lachoka pa 60 MB kufika cha m'ma 200 MB pa sekondi tikatengera disiki yonse, chifukwa kumphepete imathamanga koma ikamalowa m'kati imachedwa. Kumeneko n'kukwera katatu ndi pang'ono chabe. Gawani 16 TB ndi 200 MB pa sekondi, mupeza masekondi 80,000, amene ndi maola 22. Amenewo ndi maola a seva imene palibe akuigwiritsa ntchito. Seva ya mu ofesi, imene anthu akutsegula mafayilo uku makamera akulembamo, ikhoza kutsikira pa 80 MB pa sekondi, ndipo pamenepo kumanganso kumatenga maola 55. Pa makina a Linux mukalemba `cat /proc/mdstat` mumaona zonga izi, ndadulako zina:

```
md0 : active raid5 sde1[4] sdd1[2] sdc1[1] sdb1[0]
      [4/3] [UUU_]
      [=>.......]  recovery = 6.2% finish=3053.4min speed=80000K/sec
```

Ma `U` atatuwo ndi madisiki amoyo, kamzere kapansiko ndi malo a imene ikumangidwanso. Mphindi 3053 ndi maola pafupifupi 51. Kwa masiku awiri ndi kuposerapo, zonse za bungwe lanu zatsamira pa madisiki atatu amene sakuyenera kuphonya ngakhale pamodzi, ndipo ndi nthawi yomweyo imene akugwira ntchito yolemetsa kuposa ina iliyonse chigulireni.

Ambiri akamva za ngoziyi amaganiza za disiki yachiwiri kuferatu. Zimachitika, ndipo ndizinena m'munsimu. Koma chimene chimagwetsa magulu ambiri a madisiki ndi chaching'ono kwambiri, sekita imodzi yokanika kuwerengeka. Disiki imasunga zinthu m'tizigawo totchedwa masekita, ndipo pa madisiki aakulu sekita imodzi ndi mabaiti 4096. Disiki ya 16 TB ili ndi masekita pafupifupi 3.9 biliyoni. Mwa amenewa, ina ikhoza kuwonongeka mwakachetechete, mwina mutu wolembera unagwedezeka polemba, mwina pamwamba pa mbale panakandika, mwina maginito anafooka. Disiki siidziwa kuti sekitayo yawonongeka mpaka tsiku limene wina adzaiwerenge. Ngati pamalopo pali fayilo ya malipiro a zaka zinayi zapitazo imene palibe amaitsegula, chilemacho chimangokhala phee.

Gulu la madisiki likakhala lathunthu, sekita yotere si nkhani. Makina amaipeza, amawerengera zosowazo kuchokera ku madisiki enawo, amazilembanso, ndipo disiki imasamutsira sekitayo pa malo ena osungira. Inu simudziwa n'komwe. Koma disiki imodzi ikafa, pariti yagwira kale ntchito yake yobwezeretsa yakufayo, ndipo kumanganso kumafuna kuwerenga madisiki otsalawo kuyambira koyamba mpaka kumapeto, malo onse aja amene palibe anawakhudza kwa zaka. Ndi chifukwa chake anthu amadabwa kuti disiki yachiwiri yavuta tsiku lomwelo limene anasintha yoyamba. Nthawi zambiri siinavute tsikulo. Inali ndi chilema kalekale, kumanganso kwangochivundukula.

Opanga madisiki amalemba pa mapepala awo kuti cholakwika chosakonzeka chimayembekezeka kangati. Pa madisiki wamba amalemba kuti osapitirira kamodzi pa mabiti 10^14, ndipo pa madisiki a m'maseva kamodzi pa 10^15. Mabiti 10^14 ndi 12.5 TB, ndipo 10^15 ndi 125 TB. Tiyeni tiike manambalawa pa seva yathu ija. Disiki imodzi yafa, tiyenera kuwerenga atatu otsala, 48 TB. Pa mlingo wa madisiki wamba, 48 kugawa ndi 12.5 ikupereka zolakwika 3.84 zoyembekezeka pa ulendo umodzi womanganso. Mwayi wodutsa osakumana ndi cholakwika ngakhale chimodzi umawerengedwa motere:

```
P = e^(-3.84)  = 0.02
P = e^(-0.384) = 0.68
```

Mzere woyamba ndi wa madisiki a 10^14, ndipo ukunena kuti mwa maulendo 100 omanganso, awiri okha ndi amene angadutse bwino. Wachiwiri ndi wa madisiki a 10^15, maulendo 68 mwa 100 adutsa, 32 akumana ndi vuto. Tikabwerera ku madisiki anayi a 500 GB, zowerenga zinali 1.5 TB basi, ndipo ngozi inali 11 mwa 100 pa madisiki wamba, ndi imodzi yokha mwa 100 pa madisiki a m'maseva. Madisiki akula, nambala ya zolakwika pa pepala yatsala pomwe inali kwa zaka zambiri, ndiye ngozi yakwera pamodzi ndi kukulako. Masamu amenewa ndi amene anachititsa wolemba nkhani za makompyuta Robin Harris kulengeza mu 2007 kuti RAID 5 isiya kugwira ntchito pofika 2009.

Apa otsutsa ali ndi mfundo, ndipo mfundo yawo ndi yoona. Chaka cha 2009 chinadutsa, RAID 5 siinafe, ndipo anthu ambirimbiri amanganso magulu a madisiki aakulu popanda vuto. Nambala ya pa pepala ija ndi malire amene wopanga walonjeza kuti sadzapyola, si chiwerengero cha zimene disiki iliyonse imachita. Aliyense amene amayesa madisiki ake mwezi ndi mwezi amadziwa kuti disiki yabwino imawerengedwa yonse kambirimbiri osaphonya, zimene sizikanatheka nambala ya 10^14 ikanakhala yeniyeni. Komanso zolakwika sizigwa momwazikana ngati mmene masamuwa amaganizira. Zimaunjikana pa madisiki ochepa odwala, pamene ambiri ali bwinobwino. Choncho amene amakuuzani kuti RAID 5 ya 48 TB idzagwa maulendo 98 mwa 100 akukuopsezani mopyola, ndipo sindikufuna kuti musankhe RAID 6 chifukwa cha nambala imeneyo.

Koma kutsutsa nambalayo sikuchotsa vutolo, kukungolisuntha. Funso likusintha kuchoka pa "kodi biti iliyonse ili ndi mwayi wotani wolakwika" kupita pa "kodi mwa madisiki atatu otsalawa, mulibe imodzi yodwala". Mu 2007, ofufuza a ku yunivesite ya Wisconsin pamodzi ndi kampani ya NetApp anasindikiza zimene anapeza pa madisiki 1.53 miliyoni amene anawatsatira kwa miyezi 32. Madisiki 3.45 mwa 100 alionse anapezeka ndi masekita owonongeka mobisika. Pa madisiki otchipirapo osunga zambiri, chiwerengerocho chinali 8.5 mwa 100. Anapezanso kuti vutoli limakula disiki ikamakalamba, ndiponso kuti disiki imene yaonetsa sekita imodzi yoipa kawirikawiri imaonetsanso ina. Amenewo anali madisiki aang'ono poyerekeza ndi a lero. Ngakhale titati mwayi woti disiki imodzi ili ndi chilema chobisika pa tsiku lomanganso ndi 2 mwa 100, imene ndi nambala yongoyerekeza, madisiki atatu apereka pafupifupi 6 mwa 100, ndipo asanu ndi awiri apereka 13. Palibe woyang'anira mafayilo a chipatala kapena a sukulu amene angavomere ngozi yotere atauzidwa poyera. Amavomera chifukwa palibe amamuuza.

Zimene zimachitika sekita ikakanika pakati pa kumanganso zimadalira makina anu, ndipo ndi bwino kuzidziwa tsokalo lisanafike. Makadi ena a RAID, makamaka akale, amachotsa disiki yachiwiriyo m'gulu, ndipo gulu lonse limazima. Makadi ena amalemba kuti mzere umenewo, kutanthauza malo ofanana pa madisiki onse, wabooka n'kupitiriza, kusiya bowo m'fayilo ina imene simukuidziwa. `mdadm`, pulogalamu ya RAID ya pa Linux, masiku ano ikhoza kusunga mndandanda wa malo oipa n'kupitiriza m'malo mogwetsa zonse. ZFS, njira ina yosungira mafayilo yokhala ndi RAID yakeyake, ndi imene imachita bwino kwambiri pamenepa, chifukwa imamanganso malo okhawo amene muli zinthu, ndipo `zpool status -v` imakutchulirani mayina a mafayilo amene awonongeka. Ndiye n'zoona kuti sekita imodzi masiku ano siitanthauza kutaya zonse nthawi zonse. Koma ngati bowolo lagwera m'kati mwa fayilo ya detabesi, kapena m'fayilo yaikulu imene muli kompyuta yonse yongoyerekezera, fayilo imodziyo ndi ntchito yonse ya bungwe.

Tsopano za disiki yachiwiri kuferatu. Tikawerengera mwachilungamo, ngoziyi yokha ndi yaing'ono. Tinene kuti disiki iliyonse ili ndi mwayi wa 1.5 mwa 100 wakufa pa chaka, ndipo kuchokera pamene yoyamba yafa mpaka kumanganso kutatha papita masiku 7. Madisiki atatu apereka mwayi umodzi mwa pafupifupi 1,160. Masiku akakhala 30, ukhala umodzi mwa 270. Masamuwa akuganiza kuti imfa ya disiki ina siikhudzana ndi ya inzake, ndipo apa ndi pamene amanama. Madisiki a mu seva imodzi kawirikawiri anagulidwa tsiku limodzi, anachokera mu katoni imodzi, anagwedezeka limodzi pa ulendo, atentha limodzi m'kachipinda kopanda mpweya wozizira, ndipo azima limodzi nthawi iliyonse magetsi akathima. Chimene chapha yoyamba chakhudzanso anzake. Bianca Schroeder ndi Garth Gibson a ku yunivesite ya Carnegie Mellon, atafufuza madisiki pafupifupi 100,000 mu 2007, anapeza kuti kusintha madisiki 2 mpaka 4 mwa 100 pa chaka n'kofala, kuposa zimene mapepala a opanga ankalonjeza, ndiponso kuti imfa za madisiki zimatsatizana m'malo mogwa mwa apo ndi apo.

Nkhani ya masiku odikira ndi imene imatikhudza ife kuno kwathu kuposa amene amalemba malangizo ambiri. Iwo amaganiza kuti disiki yatsopano ifika mawa m'mawa. Ku Lilongwe kapena ku Blantyre, disiki ya 16 TB ya mtundu woyenera si chinthu chimene mungangolowa mu shopu n'kutuluka nacho tsiku lililonse. Pamafunika makotesheni, siginecha ya abwana, ndalama zakunja, kenako kudikira katundu achoke ku Joni kapena ku Dubai. Nyali ya disiki yakufa imakhala ikuthwanima kutsogolo kwa seva, wina watopa ndi kulira kwa alamu waizimitsa, ndipo ogwira ntchito akupitiriza kusunga mafayilo ngati palibe chachitika, popeza kwa iwo zonse zikutseguka. Kwa milungu yonseyo RAID 5 ilibe chitetezo. Disiki ikafika, muyambe maola 55 aja, mukupemphera kuti magetsi asathime kupyola mphamvu ya mabatire. Magetsi akazima mwadzidzidzi pamene gulu lili lopunduka ndipo linali pakati polemba, mzere umene unalembedwa theka sungakonzedwenso kuchokera ku pariti, pokhapokha khadi lanu lili ndi batire losunga zolembedwa kapena makina anu ali ndi njira ina yotetezera zimenezi.

Mu RAID 6, tsiku lomwelo limaoneka mosiyana kwambiri. Disiki imodzi yafa, mukudikira mwezi wathunthu, koma mukadali ndi pariti ina. Kumanganso kukakumana ndi sekita yoipa pa disiki yachiwiri, samu yachiwiri ija imabwezeretsa zosowazo, makina amazilembanso, ntchito n'kupitirira. Kuti mutaye kanthu pafunika masekita awiri oipa pa madisiki awiri osiyana, onse pa mzere umodzi womwewo, mwa mizere mamiliyoni ambirimbiri. Anthu amakonda kunena kuti RAID 6 imapirira madisiki awiri akafa, zimene n'zoona, koma phindu lake la tsiku ndi tsiku si limenelo. Phindu lake n'lakuti imfa ya disiki imodzi, imene idzachitika ndithu pa moyo wa seva iliyonse, siikusiyani pa mtetete.

Mtengo wake ulipo ndipo sindiubisa. Mumataya malo a disiki ina yathunthu. Kulemba tinthu ting'onoting'ono kumachedwerapo, chifukwa RAID 5 imachita ntchito zinayi pa kulemba kumodzi, kuwerenga kawiri ndi kulemba kawiri, pamene RAID 6 imachita zisanu ndi chimodzi. Pa seva ya mafayilo a mu ofesi, makanema kapena zosungira zakale, kusiyanaku ambiri sakuona n'komwe. Pa detabesi yotanganidwa kumaoneka, koma detabesi yotere siyenera kukhala pa pariti ya madisiki ozungulira poyamba pomwe.

Pa madisiki anayi pali mpikisano wina woyenera kuutchula. RAID 10, imene imaika madisiki awiriawiri osunga zofanana, imaperekanso 32 TB ngati RAID 6. Imalemba mwachangu, ndipo pomanganso imangokopera disiki imodzi, 16 TB osati 48. Koma disiki imodziyo ndiye kope lokhalo latsala, ndipo sekita yoipa pamenepo ilibe poibwezeretsa. Disiki yachiwiri ikafa, pali mwayi umodzi mwa itatu woti ndi mnzake wa yakufayo, ndipo zikatero zonse zapita. Ngati chofunika kwambiri ndi liwiro, tengani RAID 10. Ngati chofunika n'kupirira milungu yodikira disiki, RAID 6 ndiyo yabwino, chifukwa iliyonse mwa otsalawo ikhoza kufa inu osataya kanthu. Ndipo ngati 48 TB ija ikufunikadi, yankho ndi kugula bokosi la malo asanu kapena kuposerapo ndi disiki yachisanu. Madisiki akachuluka mtengo wa pariti yachiwiri umapepuka, pa madisiki asanu ndi atatu mumangotaya gawo limodzi mwa magawo anayi.

Nanga malire ali pati? Palibe nambala imodzi imene onse amagwirizana, koma ine ndimayeza ndi nthawi ndi kuchuluka kwa zowerenga, osati kukula kwa disiki kokha. Ngati kumanganso kungapyole tsiku limodzi seva ili pa ntchito, pariti imodzi ndaikana. Pa madisiki ozungulira, zimenezi zimayamba cha m'ma 8 TB. Ngati disiki yosinthira siili mu kabati ndipo kuipeza kungatenge kuposa mlungu, ndaikananso, ngakhale madisiki akhale a 4 TB. Ngati gulu lili ndi madisiki opitirira asanu, chimodzimodzi, chifukwa disiki iliyonse yowonjezera ndi malo enanso obisalamo chilema. Pa ZFS zimenezi zikutanthauza RAIDZ2 m'malo mwa RAIDZ1, ndipo pa mabokosi a Synology zikutanthauza SHR-2 m'malo mwa SHR ya pariti imodzi. Magulu aakulu kwambiri, a madisiki khumi ndi angapo a 20 TB, afika kale poti ngakhale mapariti awiri akuchepa, ndipo pa magulu otere ZFS ili ndi RAIDZ3 ya mapariti atatu, imene inawonjezedwa mu 2009.

Pariti imodzi ikadali ndi malo ake. Madisiki atatu kapena anayi a SSD aang'ono amamanganso pa maola ochepa ndipo zolakwika zawo zowerenga n'zosowa kwambiri, ndiye RAID 5 pamenepo ndi yomveka. Chimodzimodzi malo ongogwirirapo ntchito, monga posinthira makanema amene kope lake lenileni lili kwina, kumene kugwa kwa gulu kungakutayitseni tsiku limodzi lokha. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati gululi litagwa usiku uno, kubwezeretsa kuchokera ku bakapu kungatenge nthawi yaitali bwanji, ndipo bungwe lingapirire? Kukopera 48 TB kudzera pa netiweki ya gigabiti imodzi, pa 110 MB pa sekondi, kumatenga masiku asanu osaima. Ambiri amene amati "tili ndi bakapu" sanawerengepo nambala imeneyi. Ndipo bakapuyo ikufunika ndithu ngakhale muli ndi RAID 6, pakuti palibe pariti imene imabweza fayilo yofufutidwa mwangozi, kapena kuteteza ku moto, akuba ndi mavairasi otseka mafayilo.

Amene ali kale pa RAID 5 ya madisiki aakulu asachite phuma, chifukwa kusintha kosakonzekera kumawononga kuposa kudikira. Choyamba ndi kuyesa madisiki onse gulu likadali lathunthu, kuti masekita oipa apezeke pamene pariti ikadali yokhoza kuwakonza. Kafukufuku wa NetApp uja anapeza kuti kuyesa kotere ndi kumene kunavumbula zoposa 60 mwa 100 za zilema zobisikazo. Pa Linux lamulo lake ndi ili, ndipo liyenera kuyenda mwezi uliwonse:

```
echo check > /sys/block/md0/md/sync_action
smartctl -A /dev/sdb
```

Lamulo lachiwirilo limaonetsa thanzi la disiki. Yang'anani mizere itatu, `Reallocated_Sector_Ct`, `Current_Pending_Sector` ndi `Offline_Uncorrectable`. Mzere wapakatiwo ndi umene umandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ukuwerenga masekita amene disiki yalephera kale kuwerenga ndipo sanakonzedwe. Nambala iliyonse yoposa 0 pamenepo, pa RAID 5, ndi bowo limene likudikira tsiku lomanganso. Kafukufuku wa Google wa 2007 anapeza kuti disiki imene yaonetsa cholakwika choyamba poyesedwa inali ndi mwayi wochuluka ka 39 wakufa m'masiku 60 otsatira. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti madisiki 36 mwa 100 amene anafa sanaonetse chizindikiro chilichonse m'manambala onse a thanzi la disiki, ndiye kuona ziro paliponse sikutanthauza kuti mwapulumuka.

Disiki ikayamba kudwala koma isanafe, musaizule. Ili ndilo vuto limene ndimaliona kawirikawiri: munthu waona chenjezo, wasolola disikiyo, walowetsa yatsopano, ndipo ndi dzanja lake wasandutsa gulu lotetezedwa kukhala lopunduka. Ngati pali malo olowetsa disiki ina, ikani yatsopanoyo pambali ndipo muuze makina akopere yakaleyo ikadali m'kati:

```
mdadm /dev/md0 --add /dev/sdf1
mdadm /dev/md0 --replace /dev/sdc1 --with /dev/sdf1
```

Mwa njira imeneyi, pomwe disiki yodwalayo yakanika, pariti imadzaza, ndipo pomwe ina mwa anzake yakanika, yodwalayo imathandiza. `zpool replace` imachita chimodzimodzi ngati disiki yakaleyo ikadali yolumikizidwa. Onetsetsaninso kuti disiki yatsopanoyo ndi ya mtundu wa CMR osati SMR. Madisiki a SMR amalemba mizere yosanjikizana, ndipo akapatsidwa ntchito yolemba kwa maola ambiri amatha kuchedwa koopsa mpaka makina kuwachotsa m'gulu. Zimenezi zinadziwika kwambiri mu 2020, pamene zinaululika kuti ena mwa madisiki a WD Red a 2 TB mpaka 6 TB, ogulitsidwira ntchito yomweyi, anali a SMR.

Kusamuka kuchoka pa RAID 5 kupita pa RAID 6 kumatheka popanda kufufuta zinthu pa `mdadm`, mukawonjezera disiki imodzi n'kulemba `mdadm --grow /dev/md0 --level=6 --raid-devices=5`, pamodzi ndi `--backup-file` yolozera pa disiki ina ya kunja kwa gululo. Ntchitoyi imawerenga ndi kulembanso gulu lonse, ndipo pa madisiki a 16 TB imatenga masiku angapo. Choncho iyambeni pokhapokha kuyesa kuja kwadutsa popanda cholakwika, bakapu mwaiyesa kuti ikutsegukadi, ndipo mabatire ndi jenereta zili bwino. Pa ZFS njira imeneyi palibe. RAIDZ1 siisandulika RAIDZ2, muyenera kumanga gulu latsopano n'kusamutsirako zonse ndi `zfs send`, zimene zikutanthauza kubwereka kapena kugula malo ena okwana zonse zimene muli nazo pa nthawi yosamukayo.